Matenda otupitsa matumbo akabukanso: poyambira kufufuza, mankhwala oziziritsa, ndi kadyedwe pamene agona

Munthu amene anamupeza ndi matenda a Crohn kapena kolaitisi ya zilonda amatha miyezi ali bwinobwino, kenako m'mimba n'kuyambanso kuvuta. Zikatere, ena amathamangira mapiritsi a puredinisoloni, mankhwala a gulu la masiteroyidi oziziritsa kutupa, amene anatsala ulendo wapita, ena amasiya kudya pafupifupi chilichonse n'kumadikira kuti zitha zokha. Onsewa amadumpha funso lofunika kuyamba nalo: kodi matumbo atupadi, kapena pali china chimene chikungofanana ndi kutupa? Mankhwala oziziritsa kutupa a gulu limeneli amafooketsa chitetezo cha m'thupi. Ngati chavuta ndi kachirombo, kumwa mankhwalawo n'kuwonjezera vuto.

Kumbukirani kusiyana kwa matenda awiriwa chifukwa mankhwala ake amatsata pamenepo. Kolaitisi imagwira thumbo lalikulu lokha, kuyambira kotulukira chimbudzi kukwera m'mwamba, ndipo zilonda zake zimakhala pakhungu lam'kati. Matenda a Crohn angagwire paliponse kuyambira m'kamwa mpaka kumatako, makamaka kumapeto kwa matumbo aang'ono, ndipo amadya khoma la thumbo mozama.

## Zizindikiro zosafunika kugona nazo kunyumba

Pitani kuchipatala tsiku lomwelo ngati muli ndi chimodzi mwa izi:

- chimbudzi chamagazi maulendo 6 kapena kuposa patsiku, pamodzi ndi kutentha thupi kopitirira madigiri 37.8, kapena mtima kugunda kopitirira ka 90 pa mphindi mutakhala pansi
- mimba kufufuma n'kuuma, kupweteka mukaigwira
- kusanza kosalekeza, chimbudzi ndi mpweya osatuluka
- chizungulire mukaimirira, mkodzo wochepa kwambiri
- chotupa chopweteka pafupi ndi kotulukira chimbudzi, makamaka thupi likatentha
- mwendo umodzi kutupa, kapena kubanika mwadzidzidzi, popeza matendawa akabuka magazi amaundana mosavuta
- diso lofiira, lopweteka, losafuna kuwala

Mfundo yoyambayo inachokera kwa madokotala awiri a ku Oxford, Truelove ndi Witts, mu 1955, ndipo zipatala zimaitsatirabe pozindikira kolaitisi yoopsa. Munthu wotere amagonekedwa, amalandira masiteroyidi a mumtsempha, ndipo pofika tsiku lachitatu madokotala amaona ngati akusintha kapena afunika mankhwala amphamvu kapena opaleshoni. Ngati mukumwa kale masiteroyidi, musadalire kuti thupi silikutentha. Mankhwalawa amabisa kutentha thupi ndi ululu, kotero munthu angakhale akudwala kwambiri kuposa mmene akuonekera.

## Chizindikiro 1: kutsegula m'mimba kwa magazi kwabwereranso

Yambani ndi kulemba kwa masiku awiri kapena atatu: mwapita kuchimbudzi kangati pa maola 24, ndi maulendo angati amene munali magazi, ndiponso ngati mukudzuka usiku. Kudzutsidwa ndi chimbudzi pakati pa usiku n'chizindikiro champhamvu chakuti thumbo latupa. Dokotala sangathe kuchitapo kanthu ndi mawu akuti "ndikutsegula kwambiri", koma mukanena kuti "kale kawiri, tsopano kasanu, katatu kamagazi", wapeza poyambira.

Zoyambitsa zake, kuyambira chofala kwambiri:

Kudumphitsa mankhwala a tsiku ndi tsiku. Ichi n'chimene ambiri sanena. Munthu akamapeza bwino, mapiritsi amasana amaiwalika, kenako amadzulo, mpaka paketi ya mwezi umodzi kutha miyezi iwiri. Werengani mapiritsi otsala muone ngati akugwirizana ndi tsiku limene munalandira. Ngati vuto n'kuiwala, pemphani kumwa mesalazini yense, mankhwala a tsiku ndi tsiku ochepetsa kutupa kwa thumbo, kamodzi patsiku, chifukwa amagwira ntchito chimodzimodzi ndi kumwa mogawa.

Kachirombo m'matumbo. Ganizirani izi ngati kutsegulako kwayamba mwadzidzidzi, ndi kusanza kapena kutentha thupi, kapena ngati anthu ena m'nyumbamo akudwalanso. Ngati mwamwa maantibayotiki m'miyezi iwiri kapena itatu yapitayi, nenani, chifukwa pali kachirombo kolembedwa kuti C. difficile pa zotsatira za kulabu kamene kamachulukana tizirombo tabwino ta m'matumbo tikaphedwa, ndipo kamakonda anthu a matenda amenewa ngakhale asanamwe maantibayotiki. Pongoyang'ana simungasiyanitse ndi kubuka kwenikweni. Chimbudzi chiyenera kuyezedwa.

Mankhwala ochepetsa ululu a gulu la bulufeni. Bulufeni, dikulofenaki, indosidi ndi napurokiseni amatha kudzutsa zilonda mwa anthu ena patangopita masiku ochepa. Amabisalanso m'mankhwala ena a chimfine ndi a msambo, ndiye werengani pa paketi. Panado ndiye wosavuta. Koma asipirini wochepa amene dokotala anakupatsani chifukwa cha mtima musasiye nokha.

Mankhwala anu sakukwaniranso. Anthu olandira mankhwala amphamvu oletsa kutupa otchedwa infulikisimabu pa diripi milungu 8 iliyonse nthawi zina amaona kuti zizindikiro zimabwera mlungu wachisanu ndi chimodzi kapena wachisanu ndi chiwiri, n'kutha akalandira diripi ina. Ndiye kuti mankhwala akutha msanga m'magazi, kapena thupi layamba kupanga asilikali olimbana nawo. Magazi otengedwa diripi yotsatira isanayambe amaonetsa chimene chachitika, ndipo dokotala angawonjezere mlingo, kufupikitsa nthawi kapena kusintha mankhwala.

Fodya. Pa matenda a Crohn, kusuta kumachulukitsa kubuka ndi maopaleshoni. Pa kolaitisi zimadabwitsa: ena amabukidwa atangosiya kusuta. Chimenecho n'chifukwa chowonjezera mankhwala, osati chobwerera ku fodya.

Mesalazini yemweyo. N'zosachitikachitika, koma ngati kutsegula, kupotokola ndi kutentha thupi zakula patangopita masiku ochepa chiyambire kapena chiwonjezereni mesalazini, mwina thupi lanu silikugwirizana naye. Uzani dokotala musanawonjezerenso.

Zoyeza zofunika ndi zitatu: chimbudzi pofufuza tizirombo, magazi poona CRP, amene amakwera thupi likatupa, ndi kuchuluka kwa magazi, ndi kalipurotekitini wa m'chimbudzi. Kalipurotekitini amachokera ku maselo oyera amene alowa m'thumbo lotupa. Akakhala pansi pa mamayikulogalamu 50 pa galamu, nthawi zambiri kutupa kulibe. Akapitirira 250, nthawi zambiri kulipo. Pakatipa pamafunika kuyezanso. Dziwani kuti kachirombo ndi bulufeni zimamukwezanso, n'chifukwa chake sayezedwa yekha.

### Chitsanzo

Tiyerekeze mayi amene kolaitisi yake ili mbali ya kumanzere ya thumbo lalikulu, ndipo amamwa mesalazini magalamu 2.4 patsiku. Ali bwino amapita kuchimbudzi kamodzi kapena kawiri. Mlungu uno akupita kanayi, mukutuluka magazi ndi zonanda, ndipo akudzuka kamodzi m'bandakucha. Thupi silikutentha, mtima ukugunda ka 78. Apa sipofunika kugonekedwa, koma ndi pofunika kuimbira kuchipatala mlungu womwewo.

Pofunsidwa zikupezeka kuti mapiritsi amadzulo wakhala akuiwala kwa mwezi wathunthu, ndiponso anamwa bulufeni masiku asanu chifukwa cha msana. M'chimbudzi mulibe kachirombo, koma kalipurotekitini wakwera kwambiri. Dokotala akumusiyitsa bulufeni, akukweza mesalazini kufika magalamu 4.8 omwa kamodzi m'mawa, n'kuwonjezera mesalazini wamadzi wopopera kumatako usiku uliwonse.

Apa mpamene ambiri amakana, ndipo m'pomveka, koma mankhwala a kumatakowa ndi amene amafulumizitsa kuchira. Mesalazini amagwira ntchito pokhudza chilonda chenichenicho, ndipo piritsi lomeza limafika kumapeto kwa thumbo mphamvu itachepa, pomwe kumeneko n'kumene kolaitisi imayambira. Kuphatikiza zonse ziwiri kumaposa kumwa kokha. Ngati zilonda zili pafupi penipeni ndi potulukira, kamankhwala kolimba kolowetsa ka galamu imodzi kamakwanira. Amadziwo amafika patali. Popopera, yambani mwapita kuchimbudzi, fundetsani botolo m'manja, gonani chakumanzere mutapinda bondo lakumanja, finyani pang'onopang'ono, ndipo musadzuke kwa theka la ola. Masiku oyamba mankhwala amatha kutuluka patangopita mphindi zochepa chifukwa thumbo lotupa silifuna kusunga kanthu. Pitirizani, limazolowera kutupa kukamachepa.

Magazi ayenera kuyamba kuchepa mkati mwa milungu iwiri. Ikatha milungu iwiri mpaka inayi osasintha, ndi nthawi ya masiteroyidi. Koma mayiyu akadzuka tsiku lina akupita kasanu ndi kawiri, mtima ukugunda ka 100, ndondomeko yonseyi yatha ntchito, apite kuchipatala.

Pa matenda a Crohn nkhani ndi ina: mesalazini sathandiza kwenikweni. Ngati kutupa kuli kumapeto kwa matumbo aang'ono ndipo sikunakule, amapereka budesonayidi mamiligalamu 9 patsiku kwa milungu 8. Ameneyu ndi siteroyidi amene ambiri mwa iye amaphwanyidwa m'chiwindi asanazungulire thupi, kotero zovuta zake n'zochepa. Kwa ana, nthawi zambiri amayamba ndi chakudya chamadzi chapadera chokhachokha kwa milungu 6 mpaka 8, popanda chakudya china.

Chimodzi chimene musachite: kumwa loperamayidi kapena kodini kuti kutsegula kwa magazi kuime. Thumbo lotupa likaumitsidwa lingathe kufufuma mpaka kubooka. Imwani madzi a ORS, ndipo idyani pang'onopang'ono koma pafupipafupi zakudya zofewa monga mpunga, mazira, nsomba, nthochi ndi mbatata zosenda. Kusala kudya sikupumitsa thumbo.

## Chizindikiro 2: zimabwerera ndikamachepetsa puredinisoloni

Kawirikawiri amayamba ndi mamiligalamu 40 patsiku, n'kumachotsa 5 mlungu uliwonse mpaka milungu pafupifupi 8. Amamwedwa m'mawa ndi chakudya kuti asasokoneze tulo. Munthu amamva bwino kwambiri masiku oyamba, kenako akafika pa 15 kapena 10 magazi n'kuonekanso.

- Palibe mankhwala ogwirizira. Ichi ndiye chofala. Puredinisoloni amazimitsa moto koma sateteza kuti usayakenso. Ngati simungatsike pansi pa mamiligalamu 10 mkati mwa miyezi itatu, kapena mwadwalanso isanathe miyezi itatu chisiyireni, kapena mwamwa maulendo awiri m'chaka chimodzi, mukufunika mankhwala ena okhalitsa.
- Ogwirizirawo sanayambe kugwira. Azathayopurini, mmodzi mwa mankhwala ogwirizirawa, amatenga miyezi iwiri kapena itatu. Akayambidwa mochedwa, masiteroyidi amatha iye asanafike.
- Munachepetsa mofulumira, mwina chifukwa nkhope inayamba kutupa kapena tulo tinasowa.
- Kachirombo kalowerera pamene chitetezo chili chofooka. Chimbudzi chiyezedwenso.

Musabwerere pa 40 nokha, ndipo musasiye mwadzidzidzi. Mukamwa masiteroyidi kupitirira milungu itatu, thupi limachepetsa kupanga ake, ndipo kusiya kamodzin'kamodzi kungabweretse kufooka koopsa, kusanza ndi kukomoka. Ngati mukusanza moti mapiritsi sakukhala m'mimba, pitani kuchipatala. Kwa ine, munthu amene amamwa puredinisoloni chaka ndi chaka n'kumati matenda ake ali bwino, sali bwino: mafupa akufooka, shuga ndi kuthamanga kwa magazi zikukwera, pomwe zilonda zikungogona n'kudzuka. Nthawi yonse imene mukumwa, funsani za kashiamu ndi vitamini D.

Musanayambe infulikisimabu, adalimumabu ndi ena a gulu limeneli, ayenera kukuyezani TB yobisala ndi matenda a chiwindi a mtundu wa B, chifukwa mankhwalawa amatha kuzidzutsa. Womwa azathayopurini ayezetse magazi pa nthawi zimene anauzidwa. Akatentha thupi ndi zilonda zapakhosi, kapena akamva ululu waukulu pamwamba pa mimba wopita kumsana, aime kaye kumwa n'kuonana ndi dokotala tsiku lomwelo.

## Chizindikiro 3: ndikutsegula kapena kufufuma, koma magazi palibe ndipo zoyeza zili bwino

Apa masiteroyidi sathandiza chilichonse.

- Thumbo langotsala lokwiya msanga. Likachira limatha kumapotokolabe ndi kudzaza mpweya popanda chilonda. Zizindikiro zimabwera masana, zimatsata chakudya kapena nkhawa, ndipo sizidzutsa munthu usiku.
- Shuga wa mu mkaka. Siyani mkaka wamadzi milungu iwiri, kenako mwaninso kapu imodzi muone. Ngati palibe kusintha, mkaka ulibe mlandu, ubwezereni. Yogati ndi tchizi cholimba ambiri amazilola.
- Ndulu. Kumapeto kwa matumbo aang'ono n'kumene ndulu imayamwidwa kubwerera m'thupi. Ngati mbali imeneyo inadulidwa kapena inawonongeka ndi matenda a Crohn, ndulu imasefukira m'thumbo lalikulu n'kuyambitsa chimbudzi chamadzi, chachikasu, chothamangitsa, makamaka mutangodya. Pali ufa wotchedwa kolesitiramini umene umaigwira, ndipo ukagwirizana nanu kusintha kumaoneka m'masiku ochepa. Umwedwe motalikirana ndi mapiritsi ena chifukwa umawagwiranso.
- Kudzimbidwa kobisika. Pa kolaitisi ya kumunsi, chimbudzi cholimba chimatha kuunjikana pamwamba pa malo otupawo. Munthu amathamangira kuchimbudzi pafupipafupi koma kumangotuluka zonanda ndi timadzi. Chofunika ndi mankhwala ofewetsa chimbudzi, osati oumitsa.

## Chizindikiro 4: kupotokola ndikadya, mimba kulira, nthawi zina kusanza

Kwa munthu wa matenda a Crohn, ganizirani kuti thumbo laphinjika penapake. Ululu umabwera pakapita kanthawi mutadya, umabwera n'kumapita, mimba imafufuma ndi kulira mokweza, ndipo munthu amayamba kuopa chakudya. Kuphinjikako kungakhale kwa kutupa, kumene mankhwala amachepetsa, kapena kwa chipsera, chimene mankhwala sasungunula. Chipsera chimafuna kutanula ndi kabaluni kudzera pa kamera younikira matumbo, kapena opaleshoni. Sikani ndi imene imasiyanitsa.

Podikira, pewani mtedza wosasinja, chimanga chokazinga, bowa, zipatso zouma, makoko, nthangala ndi masamba a mitsitsi yolimba. Tafunani mokwanira, idyani pang'ono kasanu kapena kasanu ndi kamodzi patsiku. Kusanza kobiriwira, kapena mpweya kusiyiratu kutuluka, ndiye kuti thumbo latsekeka. Musadyenso kanthu, pitani kuchipatala.

## Chizindikiro 5: m'mimba muli bata koma ndikungotopa

Choyamba kuganizira n'kuchepa kwa ayironi, chifukwa cha magazi amene anatayika pang'onopang'ono ndi kutupa kumene kumatsekereza mayamwidwe ake. Pemphani kuyezedwa feritini, amene amaonetsa ayironi wosungidwa m'thupi, pamodzi ndi CRP. Feritini amakwera thupi likatupa, kotero munthu wopanda kutupa amawerengedwa kuti ayironi wachepa akakhala pansi pa 30, koma kutupa kukakhalapo ngakhale 80 angakhale wochepa. Mapiritsi a ayironi amadetsa chimbudzi ndipo ena amawapotokola. Ngati matenda ali maso, kapena magazi atsika pansi pa 10, ayironi wa pa diripi ndiye woyenera.

Chachiwiri ndi vitamini B12, makamaka ngati munadulidwa masentimita opitirira 20 kumapeto kwa matumbo aang'ono. Imabweretsanso dzanzi kumapazi, ndipo nthawi zambiri imabwezeredwa ndi jakisoni. Chachitatu n'kutupa kumene kukupitirira mwakachetechete, kumene kalipurotekitini angaulule. Chachinayi n'chimene chikutsatirachi.

## Chizindikiro 6: matenda agona koma ndikuopa kudya, thupi silikubwerera

Munthu akadwala, chilichonse chimene anadya tsiku limenelo chimasanduka mdani. Kubuka kulikonse kumachotsa chakudya chimodzi kapena ziwiri, ndipo patapita zaka amapezeka akudya zinthu zinayi zokha. Zakudya zofewa zija ndi za nthawi yodwala. Matenda akagona, ndipo ngati thumbo lanu silinaphinjike, palibe chifukwa chopewera masamba, zipatso, nyemba ndi mbewu zosakonola. Tizirombo tabwino ta m'thumbo lalikulu timadya zimenezi n'kupanga timafuta timene timadyetsa khungu la thumbolo. Chakudya chimene chakupatsani mpweya sichinakupatseni chilonda.

Bwezerani chakudya chimodzi pa nthawi, pang'ono, kwa masiku atatu, musanayese china. Yambani ndi zophika ndi zosenda: karoti wofewa, dzungu, apozi wosenda, mapeyala. Nyemba yambani ndi masupuni awiri, zophika mpaka kufewa n'kuzipota. Zikayenda bwino wonjezerani, kenako yesani masamba ophika, pomaliza zaziwisi. Mpweya wa masiku oyamba si chizindikiro chosiyira. Chikakuvutitsanidi kawiri konse, chiikeni pambali n'kudzayesanso patapita miyezi ingapo.

Pa zomanga thupi, munthu ali bwino amafunika pafupifupi galamu imodzi ya mapuloteni pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake patsiku, koma akudwala kapena akuchira amafunika 1.2 mpaka 1.5. Wolemera makilogalamu 60 amene wangochira afunika magalamu 72 mpaka 90. Dzira limodzi lili ndi pafupifupi 6, kapu ya mkaka 8, ndipo nyama ya nkhuku kapena nsomba yophika yaikulu ngati chikhatho ili ndi 20 kapena kuposa. Mukawerengera mupeza kuti chomanga thupi chiyenera kupezeka pa chakudya chilichonse, osati madzulo okha.

Zoyenera kuchepetsa n'zochepa: nyama zokonzedwa kufakitale monga soseji, nyama yofiira ya tsiku ndi tsiku, zakumwa zotsekemera, zakudya za m'mapaketi zokhala ndi zosakaniza zambirimbiri, ndi mowa. Ngati mwasiya mkaka, kashiamu apezeke kwina, makamaka ngati munamwapo masiteroyidi. Womwa mankhwala ofooketsa chitetezo apewe mazira osapsa, nyama yosapsa ndi mkaka wosawiritsa.

Palibe kadyedwe kamene kamalowa m'malo mwa mesalazini, azathayopurini kapena jakisoni wanu. Ngati mwataya makilogalamu atatu pa 60 m'miyezi itatu musakufuna, kapena zakudya zimene mumadya mungaziwerenge pa zala, pemphani kuonana ndi katswiri wa kadyedwe, ndipo popita tengani zimene munalemba za chakudya ndi chimbudzi za mlungu wathunthu.